Paipi Ndi Imodzi, Kulemera N'komweko, Koma Kuitembenuza N'kosiyana

Wowotcherera zitsulo aliyense amene anasenzapo paipi ya mamita 6 kuchokera kogula amadziwa pamene pamakhala ntchito. Panjira yowongoka palibe nkhani, phewa limapirira. Koma afike pokhota, m'kanjira kopanikiza ka mumsika, ayese kutembenuka. Paipi imachedwa kuyamba kuzungulira, ndipo ikayamba sifuna kuima. Nsonga yakutsogolo imapitirira pamene iye amafuna, yakumbuyo n'kukagunda malata a eni ake. Paipi yomweyo aidule pakati, zidutswa ziwirizo azimange pamodzi n'kusenzanso. Pasikelo palibe chasintha, koma kutembenuka kwapepuka kanayi.

Mawu akuti "kanayi" sanaikidwe apa pofuna kukometsa nkhani. Ndi nambala yowerengeka bwino, ndipo chimene chikuwerengedwacho akatswiri a fizikisi amachitcha momenti ya inesha, chimene polemba amachiimira ndi chilembo cha I. Kulemera kwa chinthu kumanena mmene chingavutire kuchikankha molunjika. Momenti ya inesha imanena mmene chingavutire kuchiyambitsa kuzungulira, kapena kuchiimitsa chikakhala kuti chikuzungulira kale. Dzinali analikhazikitsa ndi Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, m'buku lake la m'chaka cha 1765 lonena za kayendedwe ka zinthu zolimba.

Chosiyanitsa ziwirizi n'chakuti kulemera kwa paipi n'kumodzi, koma momenti yake ya inesha si imodzi. Imatengera pamene paipiyo yagwiridwa. Ndiye funso loti "momenti ya inesha ya paipi iyi ndi yochuluka bwanji" silinathe kufunsidwa mpaka wofunsayo atanena kuti paipiyo ikuzungulira pamzere uti.

Lamulo loyambira ndi lalifupi. Kachidutswa kakang'ono kolemera m, kamene kali pamtunda wa r kuchokera pamzere wozungulirapo, kamapereka mr², kutanthauza kulemera kwake kuchulukitsa ndi mtunda, n'kuchulukitsanso ndi mtunda womwewo. Mtunda ukulowa kawiri pa zifukwa ziwiri zomveka. Kachidutswa kamene kali kutali kawiri kamayenera kuthamanga kawiri kuti kazungulire limodzi ndi tinzake, motero kamafuna mphamvu yowirikiza. Komanso dzanja limene lili pafupi ndi pozungulirapo limavutika kawiri kupereka mphamvuyo kumalo akutali choncho. Kawiri ndi kawiri n'kanayi. Katatu ndi katatu n'kasanu ndi kanayi. Momenti ya inesha ya chinthu chonse ndi kuwonkhetsa kwa zimene tizidutswa tonse tapereka, ndipo muyezo wake umalembedwa kg·m².

Izi zimatheka kuwerenga ndi pensulo, popanda masamu a kuyunivesite. Tinene kuti paipi ija ikulemera makilogalamu 12, ndipo yamangiriridwa kunsonga imodzi kuti izizungulira pamenepo, monga mmene umakhalira mtanda wotsekera msewu. M'maganizo idulidwe zidutswa 6, chilichonse mita imodzi ndi makilogalamu 2. Pakati pa chidutswa choyamba pali pamtunda wa 0.5 kuchokera kunsonga yomangidwayo, chachiwiri 1.5, chachitatu 2.5, mpaka chomaliza 5.5. Mitunda imeneyi ikachulukitsidwa iliyonse ndi yokha imapereka 0.25, 2.25, 6.25, 12.25, 20.25 ndi 30.25. Zonse pamodzi ndi 71.5, ndipo kuchulukitsa ndi makilogalamu 2 kumapereka 143.

Manambala amenewa ndi ofunika kuwayang'anitsitsa asanadutsidwe. Chidutswa choyamba chapereka 0.5 basi. Chomaliza, cholemera chimodzimodzi, chapereka 60.5, zomwe n'kuchulukitsa ka 121. Mita imodzi yakunsonga ikusenza pafupifupi theka la vuto lonse, pamene mita yoyandikana ndi pozungulirapo sikuoneka n'komwe pachiwerengero. N'chifukwa chake kudula pang'ono kunsonga kwa ndodo yaitali kumaipepuza kwambiri poizunguliza kusiyana ndi kuipala pafupi ndi chogwirira.

Mabuku amapereka njira yachidule ya ndodo yoonda, yofanana paliponse, yozungulira kunsonga kwake:

I = ML²/3

Apa M ndi kulemera konse ndipo L ndi kutalika. Paipi yathu ikupereka 12 × 36 ÷ 3, yomwe ndi 144. Kuwerenga kwa zidutswa kunapeza 143. Mmodzi amene akusowayo sanatayike, ndipo apezeka posachedwapa.

Tsopano paipi yomweyo ikhale paphewa, yogwiridwa pakati penipeni. Zidutswa zitatu zili kutsogolo, zitatu kumbuyo, pamitunda ya 0.5, 1.5 ndi 2.5 mbali iliyonse. Palibenso chimene chili kutali ngati 5.5. Kuwerenga komwe kuja kumapereka 35, pamene njira ya m'mabuku ya ndodo yozungulira pakati pake,

I = ML²/12

ikupereka 36. Kugwira kunsonga ndi 144, kugwira pakati ndi 36: kusiyana kwa kanayi pachitsulo chimodzi chomwecho. Ndipo mtolo uja wa zidutswa ziwiri za mamita 3, wolemera makilogalamu 12 omwe aja, ukupereka 12 × 9 ÷ 12, yomwe ndi 9. Apo ndi pamene pachokera kupepuka kumene wosenza uja anamva.

Alipo amene amachita kufuna kuti momenti ya inesha ikule. Pa 7 Ogasiti 1974, Philippe Petit wa ku France anayenda pachingwe chachitsulo chomangidwa pakati pa nsanja ziwiri za World Trade Center ku New York, mamita oposa 400 kuchokera pansi. M'manja mwake munali ndodo ya mamita pafupifupi 8, yolemera makilogalamu pafupifupi 25. Ikawerengedwa ngati ndodo yofanana paliponse yogwiridwa pakati, ikupereka 25 × 64 ÷ 12, zomwe ndi 133. Munthu wogwira ndodo yotero akayamba kupendekeka, amapendekeka mochedwa, ndipo kuchedwako kumam'patsa mpata wokonza mapazi. Akanamangirira makilogalamu 25 omwewo m'chiuno, sakanapindula nawo chimodzimodzi.

Pakati pa 36 ndi 144 pali 108. Nambala imeneyi sinangobwera. Kuchokera pakati pa paipi kukafika kunsonga ndi mamita 3, ndipo 12 × 3 × 3 ndi 108 ndendende. Ili ndiye lamulo la mizere yolondolana, limene limapulumutsa anthu ku ntchito yodula chinthu m'tizidutswa nthawi iliyonse pozungulirapo pakasuntha:

I = Icm + Md²

Chinthu chilichonse chili ndi phata la kulemera kwake, pamene chimakhazikika osapendekeka chikaikidwa pachala. Icm ndi momenti ya inesha pamzere wodutsa paphata limenelo. Mzere watsopano uyenera kuloza komwe woyambawo ukuloza, osapendekera kwina, ndipo d ndi mtunda wa pakati pa mizere iwiriyo. Lamuloli limadziwika ndi mayina a anthu awiri: Christiaan Huygens wa ku Netherlands, amene anafufuza za pendulamu m'buku lake la 1673, ndi Jakob Steiner, wa ku Switzerland, amene anabadwa mu 1796 ndipo anaphunzitsa masamu ku Berlin.

Tanthauzo lake limaoneka ndi maso. Paipi ikazungulira kamodzi kunsonga kwake, zinthu ziwiri zachitika nthawi imodzi. Phata lake layenda ulendo wozungulira wa mamita 3 kuchokera pozungulirapo, litanyamula makilogalamu onse 12, ndipo ulendo umenewo ndiwo Md². Koma paipiyonso payokha yatembenuka kamodzi: nsonga imene inaloza kum'mawa yalozapo kumwera, kumadzulo, kumpoto, n'kubwereranso kum'mawa. Kutembenuka kumeneko ndiko Icm. Zonse ziwiri zimafuna mphamvu, ndiye zimaphatikizidwa.

Mmodzi wosowa uja ali pomwepa. Powerenga zidutswa 6 zija, chilichonse chinatengedwa ngati kulemera kwake konse kwaunjikana pakadontho kamodzi, motero chinawerengedwa ndi Md² yokha. Koma chilichonse ndi kandodo ka mita imodzi kamene nakonso kamatembenuka, ndipo kamapereka 2 × 1 ÷ 12. Zidutswa 6 zotero zikupereka 1 ndendende. Ndiye 143 akukwana 144, ndipo 35 akukwana 36. N'zosangalatsa kuona lamulo likubweza ngakhale kanambala kakang'ono choncho pamalo pake, osasiya chotsalira.

Pali msampha umodzi umene umakola ophunzira ambiri, ndipo ndi bwino kuudziwa bwino. Lamuloli limayambira paphata basi. Silingayambire pamzere wina uliwonse. Tinene kuti paipi yaikidwa msomali pa mita imodzi ndi theka kuchokera kunsonga. Wofulumira amatenga 144 wa kunsonga n'kuwonjezera 12 × 1.5 × 1.5, n'kupeza 171. Yankholi likunena kuti kusendeza dzanja cha pakati kumalemeretsa paipi, chinthu chimene aliyense wosenzapo katundu angakane. Njira yoyenera n'kubwerera paphata: msomaliwo uli mita imodzi ndi theka kuchokera pakati, motero 36 kuphatikiza 27 ndi 63. Chifukwa chake n'chakuti mzere ukasuntha, tizidutswa tina timayandikira pamene tina timatalikira, ndipo kupindula ndi kutaya kumeneku kumafafanizana kwathunthu pokhapokha ngati poyambira pali paphata, pamene mbali zonse zikulemera mofanana. Pali njira yosavuta yodziyesera: popeza Md² singakhale yochepera ziro, momenti ya inesha imachepetsetsa paphata, ndipo imakula mzere ukamatalikira mbali iliyonse. Yankho lililonse lotsutsana ndi zimenezi ndi lolakwika.

Mawu akuti "yoonda" ndi "yofanana paliponse" nawonso ali ndi ntchito yake. Nsungwi ndi yonenepa kutsinde, yoonda kunsonga, motero phata lake silili pakati, ndipo ML²/12 imangopereka chithunzi chabe. Khasu lili ndi chitsulo kumapeto kwa mpini, ndiye mpini ndi chitsulo ziyenera kuwerengedwa padera kenako n'kuphatikiza. Komanso njira ziwiri zija zikunena za mzere wopingasa ndodo. Paipi yomweyo ikapotokoledwa m'litali mwake, ngati mmene amapotokolera poimanga, chitsulo chonse chimakhala pa sentimita imodzi ndi theka chabe kuchokera pamzerewo, ndipo momenti ya inesha siifika ngakhale 0.003. Zala ziwiri zimakwanitsa.

Disiki, chinthu chobulungira chaphwatalala monga ndalama yachitsulo kapena mwala wonolera wozungulira, ili ndi nkhani yakeyake. Poyamba tiganize za mkombero, monga limu ya njinga yochotsedwa masipoko. Chitsulo chake chonse chili pamtunda umodzi, R, kuchokera pakati, ndiye palibe chovuta: I ndi MR². Disiki ndi mikombero yambirimbiri yolowetsana, waung'ono m'kati mwa waukulu. Ina ili pafupi ndi pakati ndipo siipereka kanthu kwenikweni, ina ili m'mphepete ndipo imapereka mokwanira. Zonse zikawonkhetsedwa, zimatuluka theka:

I = MR²/2

Wina angadabwe kuti ndodo yozungulira kunsonga inapereka gawo limodzi mwa magawo atatu, pamene disiki ikupereka theka. Kusiyana kuli pa mmene kulemera kwagawidwira. Pandodo, mita iliyonse ikulemera mofanana ndi inzake. Padisiki, mikombero yakunja ndi yaitali, motero ndi yolemera kuposa yam'kati. Munthu akajambula mzere wozungulira pa theka la mtunda wochokera pakati kukafika m'mphepete, m'kati mwa mzerewo mumangokhala gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera konse. Magawo atatu ali kunja, kumene mtunda ndi waukulu. Ndipo pa momenti ya inesha, chigawo cham'katicho chimapereka gawo limodzi lokha mwa magawo 16.

Amisiri opanga makina anaizindikira kalekale mfundo imeneyi. Gudumu lolemera la pa injini ya dizilo yoyendetsa chigayo ntchito yake n'kusunga liwiro pakati pa kuphulika kumodzi kwa mafuta ndi kunzake, kuti injini isamagwedezeke kapena kuzima chimanga chikathiridwa chambiri. Ambiri mwa magudumu amenewa ndi ochindikala m'mphepete, opyapyala kapena oboola m'kati, chifukwa chitsulo choikidwa pakati chimangowonjezera mtengo ndi kulemera popanda kugwira ntchito imene gudumulo linapangidwira. Disiki yachitsulo ya makilogalamu 20, yotalika masentimita 20 kuchokera pakati kukafika m'mphepete, imapereka 20 × 0.2 × 0.2 ÷ 2, yomwe ndi 0.4. Chitsulo chomwecho chitaumbidwa kukhala mkombero wa kukula komweko chikanapereka 0.8.

Zolakwa ziwiri zimabwera kawirikawiri pano. Choyamba n'kutenga muyezo wa tepi wodutsa disiki yonse, masentimita 40, n'kuuika pamalo pa R. Yankho limatuluka 1.6, kukula kanayi. Chachiwiri n'kuiwala kufunsa kumene mzere waloza. MR²/2 ndi ya mzere wobowola disiki pakati, mmene gudumu limazungulirira. Ndalama ikazunguliridwa choimirira patebulo, mzere umakhala ukudutsa m'mimba mwake kuchokera m'mphepete kukafika m'mphepete, ndipo pamenepo yankho ndi MR²/4. Wofuna kugwiritsa ntchito lamulo la mizere yolondolana ayenera kusankha Icm ya mzere woloza kumodzi ndi mzere wake watsopano. Kuchindikala kwa disiki kokha n'kumene sikusokoneza: pamzere wobowola pakati, ndalama yopyapyala ndi chipika chachitali chobulungira zimatsata njira imodzi ya MR²/2.

Disiki ikasunthidwa pozungulirapo kuchoka pakati kupita m'mphepete, d amakhala R, ndipo theka kuphatikiza chimodzi kumapereka 3MR²/2, kuchulukitsa katatu. Izi zingaoneke ngati masewera a m'kalasi, koma n'zimene gudumu lililonse logubuduzika limachita. Pakanthawi kalikonse, malo amene akhudza pansi amakhala ataima, ndipo gudumu lonse limakhala likutembenukira pamalo amenewo. Ndiye disiki yogubuduzika ili ndi 3MR²/2, pamene mkombero uli ndi 2MR². Pathabwa lopendekeka, batire lalikulu la tochi, limene ndi lodzaza m'kati, ndi kachidutswa ka paipi yopyapyala zikasiyidwa nthawi imodzi, batire limafika pansi poyamba. Ngati disiki yodzaza yatenga masekondi 2, mkombero umatenga pafupifupi 2.3. Kulemera ndi kukula sizisintha zotsatira, bola chinthucho chigubuduzike osaterereka. Disiki imataya gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake pa kuzungulira, pamene mkombero umataya theka lathunthu.

Malo amene ndodo, disiki ndi lamulo lija zimakumana bwino kwambiri ndi m'wotchi ya pendulamu, imene Huygens yemwe uja anaipanga koyamba mu 1656. Pendulamu ya wotchi zazitali zoimirira ndi ndodo yopachikidwa kumwamba, yokhala ndi disiki yolemera kumunsi. Nthawi imene imatenga kupita ndi kubwerera, ikamalendewera pang'ono, imawerengedwa chonchi:

T = 2π√(I / Mgd)

Apa g ndi kukoka kwa dziko, 9.8, ndipo d ndi mtunda wochokera popachika kukafika paphata la pendulamu yonse.

Titenge ndodo ya mamita 0.9 yolemera makilogalamu 0.2, ndi disiki ya makilogalamu 2 yokhala ndi R wa mamita 0.1, yolumikizidwa kumapeto kwa ndodoyo kotero kuti pakati pake pali mita imodzi kuchokera popachika. Momenti za inesha zimaphatikizidwa ngati zonse zawerengedwa pamzere umodzi, ndiye chilichonse chiyenera kubweretsedwa popachikapo. Ndodo ikuzungulira kunsonga kwake: 0.2 × 0.81 ÷ 3 ndi 0.054. Disiki paphata lake ndi 2 × 0.01 ÷ 2, yomwe ndi 0.01, ndipo kuisunthira mita imodzi kukuwonjezera 2 × 1 × 1, yomwe ndi 2. Zonse pamodzi ndi 2.064.

Kumunsi kwa njira ija kukufunika Md wa zigawo zonse ziwiri. Phata la ndodo lili pa 0.45, ndiye 0.2 × 0.45 ndi 0.09. Disiki ikupereka 2. Pamodzi ndi 2.09, ndipo kuchulukitsa ndi 9.8 ndi 20.48. Kugawa 2.064 ndi 20.48 kumapereka 0.1008, nambala imene muzu wake ndi 0.3175. Kuchulukitsa ndi 2π, yomwe ndi 6.283, yankho ndi masekondi 1.99. Kupita sekondi imodzi, kubwerera sekondi imodzi. Ichi n'chifukwa chake wotchi zoterezi zimakhala zazitali kuposa munthu: pendulamu yogunda sekondi iliyonse imafuna pafupifupi mita yathunthu.

Chiwerengerochi chikuonetsanso chimene chili chachikulu ndi chimene chili chaching'ono. Mwa 2.064, gawo la Md² la disiki latenga 2. Kutembenuka kwa disiki payokha ndi 0.01 chabe. Woyerekeza mwachangu angakusiye osalakwa kwambiri. Wopanga wotchi sangatero, chifukwa kusiya 0.01 ameneyo kumasintha yankho ndi mphindi zoposa zitatu patsiku. Pachifukwa chomwecho, pansi pa disiki pamakhala kanati koikweza kapena kuitsitsa. Papendulamu yathuyi, kutsitsa disiki ndi milimita imodzi kumachedwetsa wotchi ndi masekondi pafupifupi 42 patsiku. Osamalira wotchi yaikulu ya nyumba ya malamulo ku London, imene anthu amaitcha Big Ben, akhala akukonza nthawi poika kapena kuchotsa makobidi akale pamwamba pa pendulamu, ndipo khobidi limodzi limasintha nthawi ndi masekondi 0.4 patsiku.

Pali umboni wina wosonyeza kuti zigawo ziwiri za lamuloli si nkhani ya papepala chabe. Disiki ija itati isalumikizidwe molimba koma ikhale pa beringi yosalala bwino pakati pake, ingayende uku ndi uku popanda kutembenuka. Chizindikiro cholembedwa pamwamba pake chingakhalebe pamwamba. Pamenepo Icm ya disiki imachoka m'chiwerengero, n'kutsala Md² yokha, ndipo pendulamu imafulumira pang'ono. Lamulo la mizere yolondolana limagwira pachinthu cholimba chimene chikutembenuka chonse pamodzi. N'chifukwa chakenso silingagwiritsidwe ntchito mwachisawawa pachitini cha madzi, chifukwa madzi satembenuka limodzi ndi chitinicho.

Zonsezi zingayesedwe ndi lula yamatabwa ya mita imodzi, msomali woonda ndi wotchi ya pafoni. Lula ibowoledwe pafupi ndi nsonga, pa sentimita yoyamba, ipachikidwe pamsomali momasuka, ikankhidwe pang'ono, ndipo awerengedwe maulendo 20 opita ndi kubwerera. Kuwerenga maulendo ambiri kumachepetsa kulakwa kwa chala poyambitsa ndi poimitsa wotchi. Kulemera kwa lula kulibe ntchito, chifukwa M ali pamwamba ndi pansi pa njira ija ndipo amafafanizika. Amene akuganiza kuti kulemera konse kuli pakati pa lula, n'kusiya Icm, adzayembekezera masekondi 28. Amene akuiyesa ngati mwala womangidwa pachingwe cha mita imodzi adzayembekezera 40. Lamulo likunena 33, ndipo wotchi imavomereza lamulolo.

Kenako bowo lisunthidwe. Pa sentimita 21, maulendo 20 amatenga masekondi 30 ndi theka, ndipo palibe malo ena palulapo amene angafulumire kuposa apa. Pa sentimita 40, pafupi ndi pakati, nthawi imakwera kufika masekondi 39. Ambiri amayembekezera kuti bowo likamayandikira pakati pendulamu izingofulumirabe, poti ikufupika. Zimatero poyamba, pamene Md² ikuchepa mofulumira. Koma Icm siichepa ngakhale pang'ono, pamene mphamvu yobweza lula, Mgd, ikunka nitha. Pakati penipeni d ndi ziro, ndipo lula imangokhala mmene yaikidwira.

Inu amene muyese zimenezi, mukapeza manambala osiyana kwambiri ndi awa, musafulumire kukayikira masamu. Onani ngati bowo likukanikiza msomali, ngati lula ikukhula khoma, ndiponso ngati mwaikankha mopitirira. Nsonga yakumunsi isapatuke kuposa masentimita 10 mbali iliyonse. Ikani lula pachala muone ngati ikukhazikika pa sentimita 50, chifukwa ina imakhala ndi chitsulo kumapeto kapena inabenthuka. Ikakhazikika pa 48, yezani d kuchokera pa 48.